Kudula vidiyo yaitali kukhala mapositi ambiri osabwerezana

Vidiyo ya mphindi 40 imene yaikidwa pa YouTube kapena pa Facebook imaonedwa mpaka kumapeto ndi anthu ochepa, makamaka kumene munthu amaonera uku akuwerengera bandulo. N'chifukwa chake mawailesi, mipingo, mabungwe ndi amalonda amaitenga vidiyo yotere n'kuidula tizidutswa ta masekondi 30 kapena 60, timene amatimwaza pamasamba a mchezo kwa milungu ingapo. Kudula kwenikweniko sikuvuta, poti foni iliyonse yokhala ndi pulogalamu ngati CapCut imatha. Povuta ndi pa positi yachinayi kapena yachisanu, pamene woonera amangoona nkhope ija, mpando uja ndi khoma lija, n'kuganiza kuti izi anaziona kale, basi chala n'kupitirira.

Ambiri amaganiza kuti kutopetsako kumabwera chifukwa choti tizidutswa tonse tachokera m'vidiyo imodzi. Si choncho ayi. Woonera sadziwa kumene kachidutswa kachokera, ndiponso alibe nazo ntchito. Chimene amazindikira msanga ndi mfundo imene anaimva kale ndi chiyambi chimene anachiona kale. Mapositi asanu ndi anayi ochokera m'vidiyo imodzi atha kuoneka atsopano onse ngati iliyonse ikuyankha funso lakelake, pamene atatu okha atha kutopetsa ngati onse akunena chimodzi. Wodula motsata wotchi, kuti mphindi iliyonse ikhale positi, amachita ngati woduladula nzimbe: zidutswa zimachuluka koma kukoma n'kumodzi. Muyeso woyenera kudulira ndi funso limene woonera ali nalo.

Chitsanzo chingathandize kuonetsa mmene izi zimayendera. Kagulu ka achinyamata kolemba nkhani zaulimi kajambula zokambirana za mphindi 42 pakhonde la nyumba ina nthawi yokolola. Olankhula ndi mlangizi wa zaulimi ndi mayi wina wolima chimanga, ndipo nkhani yake ndi kasungidwe ka chimanga kuti chisafumbwe kapena kuchita chuku. Kamera ndi imodzi, yoima malo amodzi, ndipo nthawi zina wojambula amaiyandikizitsa pamanja a olankhulawo. Vidiyo yonse yaikidwa kale pa YouTube, tsopano akufuna tizidutswa ta Facebook, TikTok ndi Status ya WhatsApp.

Ntchito imayambira papepala, pulogalamu yodulira isanatsekulidwe. Munthu amaonera vidiyo yonse kuyambira poyamba, ndipo paliponse pamene wolankhula wanena chinthu chomveka pachokha amalemba nthawi yake ndi chiganizo chimodzi chonena chimene chanenedwa. Mzere usakhale mutu chabe ngati wakuti "kuyanika", chifukwa mutu umabisa kubwereza. Ukhale chiganizo chathunthu, monga chakuti "8:20, mchere wouma ukamatirira m'botolo ndiye kuti chimanga sichinaume". M'chitsanzo chino mphindi zitatu zoyamba ndi malonje ndi kudziwana, zitatu zomaliza ndi kuthokoza ndi kutsanzikana, choncho sizipereka mzere uliwonse. Mphindi 36 zapakati zapereka mizere 19.

Pepala lija likadzaza, mizere imawerengedwa motsatana kuti yofanana ioneke. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Munthu akamalankhula momasuka amabwerera ku mfundo yake yaikulu kangapo, ndipo m'vidiyo yaitali zimenezi zimathandiza womvera amene maganizo anamuthawa pang'ono. Mlangizi uja wanena kuti chimanga chiyenera kuuma bwino pa mphindi 6, wanenanso pa 17 pofotokoza za anankafumbwe, wabwerezanso pa 33 pofika pa nkhani ya chuku. Malo onse atatu amamveka bwino, mawu ake ndi osiyana, ndipo wodula wosaona pepala angapangepo mapositi atatu n'kumaganiza kuti wapeza zambiri. Koma chiganizo chake n'chimodzi. Mwa atatuwo amasankhapo malo amodzi, amene wolankhula wamveka bwino kwambiri komanso wanena chiwerengero, chakuti chinyezi m'chimanga chosunga chitsike kufika pafupifupi magawo 13 pa 100. Awiri enawo amatayidwa ngakhale akhale okoma chotani. Kutaya kachidutswa kabwino kumawawa, koma kukasunga n'kumene kumachititsa kuti tsamba lonse lizimveka ngati munthu wobwereza mawu.

Mizere ina imagwa pa chifukwa china. Pali pamene mlangizi akuyankha funso lokhudza mudzi umodzi wokha, pali nthabwala imene imaseketsa okhawo amene anamva za mphindi zisanu zapitazo, pali pamene tambala analira n'kukwirira mawu. Ikachotsedwa iyi ndi yobwereza ija, pa mizere 19 patsala isanu ndi inayi, ndipo uliwonse umalembedwanso ngati funso limene mlimi angafunse ndi pakamwa pake. Chimanga chiyanikidwe pati? Munthu wopanda makina adziwa bwanji kuti chauma? Nankafumbwe amalowa liti, kumunda kapena m'nyumba? Thumba la PICS limangidwe bwanji? Kodi m'thumba lotere amathiramo mankhwala? Matumba asanjidwe pati? Kutsekula thumba pafupipafupi kumaononga chiyani? Chimanga chachuku achite nacho chiyani? Kusunga mpaka miyezi ya njala kumapindulitsa bwanji? Mafunso awiri akapezeka kuti yankho lake n'limodzi, ndiye kuti ndi positi imodzi. Chiwerengero cha mapositi chimatuluka m'pepalali, ndipo munthu amene wayamba ndi kulonjeza abwana ake kuti atulutsa mapositi 30 m'vidiyo imeneyi wadzikakamiza kale kubwereza.

Funso lililonse likapeza malo ake m'vidiyo, chotsatira ndi kudula kuti kachidutswa kaime pakokha. Woonera pa TikTok sanaone chiyambi cha zokambiranazo ndipo sadzachiona. Mawu ngati akuti "monga ndanena kale", "chifukwa cha chimenecho" kapena "iwo aja" amaloza ku zinthu zimene iye alibe, choncho kachidutswa kasayambire pamenepo. Ngati wolankhula sanatchule dzina la chinthu chimene akunena, mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi amadzaza mpatawo.

Pali kudula kwina koopsa kuposa kusamveka, kumene kumachotsa chenjezo. Pa mphindi 21 mlangizi akuonetsa thumba la PICS, limene lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka yoluka kunja. Akufinya mpweya, akupotokola kukamwa kwa pulasitiki yoyamba n'kumanga, kenaka yachiwiri payokha, kenaka saka yakunja. Akufotokoza kuti tizilombo totsekeredwamo timamaliza mpweya n'kufa, n'chifukwa chake mankhwala safunika. Zonsezi zimakwana masekondi 50 ndipo zimaoneka bwino. Koma mawu akuti thumba lotere n'la chimanga chouma bwino, ndipo likabooka ngakhale pang'ono ntchito yake yatha, anawanena pa mphindi 24, atamaliza kumanga. Wodula akaimira pa masekondi 50 aja, positi yake iphunzitsa mlimi kutsekera chimanga chachinyezi m'pulasitiki, ndipo chidzaonongeka. Apa chenjezolo liyenera kutengedwa kumene lili n'kulumikizidwa kumapeto kwa kachidutswako, kapena kulembedwa pachithunzi. Kubwereza kwa mtundu uwu n'kololedwa: mawu ochepa a chenjezo atha kupezeka m'mapositi awiri kapena atatu, bola asakhale mutu wa positiyo. Lamulo lomweli limagwira pa nkhani zaumoyo, zandalama ndi zamalamulo, kumene mawu akuti "pokhapokha ngati" amasintha tanthauzo la zonse zimene zanenedwa patsogolo pake. Ndi chifukwa chomwechi n'koyenera kuti amene analankhula m'vidiyo aone tizidutswato tisanatuluke, pakuti nkhope imene anthu adzaiimbe mlandu ndi yake.

Mfundo zikasiyana, pamatsala kusiyanitsa maonekedwe, ndipo apa chofunika kwambiri ndi masekondi awiri oyamba. Munthu woyendetsa chala pafoni amaweruza ndi chithunzi choyamba asanamve liwu lililonse. Mapositi onse asanu ndi anayi akayamba ndi mlangizi atakhala pampando womwe uja, woonera adzawatenga ngati positi imodzi imene ikungobwerabwera, ngakhale mawu ake akhale osiyana kotheratu. Chizindikiro cha bungwe chozungulira kwa masekondi atatu ndi kanyimbo kamodzimodzi poyamba pa positi iliyonse zimachita choipa chomwecho, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amaziika poganiza kuti akukongoletsa. Chizindikiro chikhale chaching'ono pakona kapena chidikire kumapeto.

Positi iliyonse ilowere khomo lake, ndipo khomolo lichokere m'funso. Ya mchere iyambe ndi manja akukhutchumula botolo louma lokhala ndi chimanga ndi mchere, nkhope isanaoneke. Ya kusanja matumba iyambe ndi mawu a mayi uja pa mphindi 25, pamene akusimba mmene makoswe anaboolera matumba amene anawagoneka pansi moyandikana ndi khoma, malangizo a kusanja pa thandala n'kubwera pambuyo. Ya chuku iyambe ndi chitsononkho chowola chili pafupi ndi kamera. Ya chinyezi iyambe ndi nambala 13 yolembedwa mokulira. Wojambula wodziwa kuti vidiyo yake idzadulidwa amathera mphindi khumi zina, zokambirana zitatha, akujambula manja, nkhokwe, mphasa yoyanikapo ndi tizilombo m'chikhatho, chifukwa zithunzi zimenezi n'zimene zimapatsa mapositi nkhope zosiyana.

Si funso lililonse limene limafuna vidiyo. Chinthu chochitidwa ndi manja, monga kumanga thumba kapena kuyesa ndi mchere, chimafuna kuonedwa chikuyenda. Nkhani ya makoswe mphamvu yake ili m'mawu a mwiniwake, choncho itha kuyenda ngakhale ngati mawu okha otumizidwa m'magulu a WhatsApp, amene sadya bandulo yambiri. Funso la kutsekula thumba yankho lake ndi ziganizo ziwiri, zakuti kutsekula kulikonse kumalowetsa mpweya watsopano, choncho chimanga chodya masiku ano chikhale m'thumba lina. Zimenezi zimakwana pa chithunzi chimodzi chokhala ndi mawu. Funso la phindu la kusunga limafuna kuwerengera mtengo wa thumba, mtengo wa chimanga pokolola ndi mtengo wake mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo masamu otere amamveka bwino atalembedwa kusiyana n'kunenedwa. Mwa mapositi asanu ndi anayi aja, asanu atha kukhala mavidiyo, awiri zithunzi, imodzi mawu okha, imodzi yolembedwa. Chosankha mtundu wa positi chikhale mfundo yake. Kutenga mfundo imodzi n'kuitulutsa lero ngati vidiyo, mawa ngati chithunzi, mkuja ngati zolemba, pa tsamba lomwelo, ndi kubwereza ndithu, ndipo anthu amazindikira.

Pa mavidiyo asanu aja pali vuto la kukula kwa chithunzi. Vidiyo yaitali kawirikawiri imajambulidwa chogona, mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali mwake, pamene TikTok, Reels, Shorts ndi Status zimayembekeza chithunzi choimirira cha 1080 ndi 1920. Kuti chogona chikhale choimirira, pa mapikiselo 1920 aja pamangotsala pafupifupi 608, kutanthauza kuti magawo awiri mwa atatu a chithunzi amatayika. Anthu awiri okhala moyandikana sakwanamo onse. Pulogalamu ikasiyidwa kuti idule pakati yokha, chotsala ndi khoma la pakati pawo ndi mapewa awiri. Wodula ayenera kusuntha zenera lodulira kuti ligwire amene akulankhula kapena manja amene akugwira ntchito. Pafoni izi zimachitika ndi chala. Pakompyuta, pulogalamu yaulere ya ffmpeg imachita ndi mzere umodzi:

```
ffmpeg -ss 00:08:20 -to 00:09:10 -i chimanga.mp4 -vf "crop=608:1080:900:0,scale=1080:1920" mchere.mp4
```

Mzerewu ukutenga masekondi 50 kuyambira pa mphindi 8 ndi masekondi 20, ukudula zenera la 608 m'lifupi loyambira pa pikiselo 900 kuchokera kumanzere, n'kulikulitsa kuti lidzaze foni. Nambala 900 ndi imene imasinthidwa malinga ndi pamene munthuyo wakhala. Kutayika kwa chithunzi kuli ndi ubwino wake, chifukwa kamera imodzi ija tsopano ikupereka zithunzi zitatu zosiyana: mlangizi yekha, mayi yekha, ndi manja pathumba. Kuipa kwake n'kwakuti chithunzi chokulitsidwa chimafooka, ndipo ngati vidiyo yoyamba inajambulidwa ndi kuwala kochepa, kufookako kumaonekera. Mawu olembedwa pansi ndi ofunika chifukwa ambiri amaonera foni ili chete m'minibasi kapena pantchito, koma asaikidwe kunsi kwenikweni kapena kumanja, kumene mabatani a pulogalamu amawaphimba.

Malire a kutalika amasiyana ndiponso amasintha. Status ya WhatsApp inakhala zaka zambiri ikulola masekondi 30 okha isanakwezedwe kufika pa 60 mu 2024, ndipo YouTube inakweza malire a Shorts kuchoka pa masekondi 60 kufika pa mphindi zitatu mu Okutobala chaka chomwecho. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana malire a tsiku limenelo musanayambe kudula. Koma malirewo asatengedwe ngati kutalika koyenera kukwaniritsa. Yankho la masekondi 25 likhale la masekondi 25. Kulitalikitsa kuti lifike mphindi kumafuna kuwonjezera mawu ochokera ku funso lina, ndipo positi ya funso linalo ikadzatuluka idzamveka yakale.

Kaikidwe kake kasatsate ndondomeko ya vidiyo yaitali. M'zokambirana, mfundo zoyandikana zimafanana mawu, kuwala ndi kakhalidwe ka olankhula, motero mapositi awiri ochokera pa mphindi 21 ndi 23 akatsatizana amaoneka ngati mapasa. Ndi bwino kuwatalikitsa, komanso kusinthasintha kuti vidiyo itsatidwe ndi chithunzi, mlangizi atsatidwe ndi mayi uja. Pa nkhani yaulimi pali chotsogolera china choposa ichi, chimene ndi nyengo. Positi ya kuyanika ndi ya mchere ndi za Meyi ndi Juni, chimanga chili pamphasa. Ya kumanga thumba ndi ya kusanja zibwere anthu akamaliza kutonola. Ya kutsekula thumba ndi ya chuku zimamveka bwino patapita miyezi, anthu atayamba kutapa, ndipo ya mitengo imagwira mtima pamene mtengo wayamba kukwera pamsika. Mapositi asanu ndi anayi omwazidwa chotere pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi safanana m'maso mwa munthu, chifukwa iliyonse imamupeza ali ndi funso lomwelo m'mutu. Akathiridwa onse m'mlungu umodzi amapikisana okhaokha.

Kuika positi imodzi pa Facebook, pa TikTok ndi pa Status si kubwereza kodetsa nkhawa, poti anthu a m'malo amenewa si amodzimodzi onse. Chofunika n'kuika kuchokera ku fayilo yoyera imene ili m'foni kapena m'kompyuta. Vidiyo yotsitsidwa ku TikTok imabwera ndi chizindikiro chake, ndipo Instagram inanena poyera mu 2021 kuti mavidiyo okhala ndi zizindikiro za mapulogalamu ena siwaonetsa kwa anthu ambiri.

Nkhani yolembedwa imadulidwa ndi njira yomweyi, kungoti msampha wake ndi ndime. Ndime zimaoneka ngati zidutswa zodulidwa kale, ndipo munthu amakopeka kuziika imodzi ndi imodzi. Koma ndime yachisanu inalembedwa kuti iwerengedwe pambuyo pa yachinayi, ndipo yoyamba ndi yomaliza kawirikawiri zimanena chimodzi. Nkhani ya mawu 1,500 itha kukhala ndi mafunso anayi kapena asanu okha, ndipo lililonse liyenera kulembedwanso mwatsopano, chiganizo choyamba n'kukhala yankho lenileni. Pa X, kumene positi wamba imalola zilembo 280, palibenso malo a mawu oyambira.

Kudziwa ngati kubwereza kwalowa kumatheka m'njira ziwiri, isanatuluke ndi itatuluka. Isanatuluke, zithunzi zoyamba za mapositi onse zimaikidwa pamodzi n'kupatsa munthu amene sanaone vidiyo yaitali kuti anene chimene iliyonse ikukamba. Akanena mawu amodzimodzi pa ziwiri, imodzi iyenera kusintha chiyambi kapena kuchoka. Itatuluka, mapulogalamu monga YouTube Studio amaonetsa mzere wa mmene oonera akuchokera sekondi ndi sekondi. Mzere ukagwa pa masekondi awiri oyamba, ndipo kugwako kukamakula positi ndi positi, anthu atopa ndi chiyambi chofanana. Ukagwa pakati, yankho linatha kale koma vidiyo inapitirira. Ndemanga nazo zimaulula. Anthu akamafunsa chinthu chimene mlangizi anayankha m'vidiyo yaitali, monga ngati chimanga chachuku chingapatsidwe nkhuku, ndiye kuti kudula kunapyola muyeso ndipo yankho lakuti chimenecho n'choopsa kwa ziweto ndi kwa anthu omwe linatsala pansi. Akamafunsa chimene vidiyoyo sinakhudze n'komwe, monga kasungidwe ka mtedza, ndiye kuti vidiyoyo yatha mphamvu ndipo nthawi yojambula ina yakwana.

Pepala la mizere lija lisatayidwe. Pambali pa funso lililonse pamalembedwa tsiku limene positi yake inatuluka ndi malo amene inaikidwa, kuti munthu wina wa m'kagulu komweko asadzadulenso malo omwewo mwezi wamawa. Chaka chikatha ndi kukolola kukabweranso, mapositi a mchere ndi a kumanga thumba atha kutulukanso monga analili, poti zimene akuphunzitsa sizinasinthe ndipo otsatira tsambalo awonjezeka. Ya mitengo yokha ndi imene iyenera kuwerengedwanso ndi mitengo ya chaka chimenecho isanaikidwe.